Chimene chimazula paipi pokhota: mmene mphamvu ya madzi pa bendi ndi pa nozo imawerengedwera

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa ngalande pamene paipi yaikulu ya madzi yaphulika amadziwa kuti nthawi zina paipiyo sikhala itang'ambika pamimba. Madzi akaphwa, chimene chimaonekera m'matopemo ndi bendi, kachigawo kokhota kaja, itachoka m'malo mwake n'kusunthira kunja kwa ngodya, mphira wa polumikizira ali lende, ndipo kunsonga kwa paipi kukuoneka mzere woyera wosonyeza pamene bendiyo inkalekezera isanavuke. Anthu oonerera amafunsana kuti chakankha chitsulo cholemera chonchi n'chiyani, popeza madzi amangodutsa m'kati, ndipo amadabwa kwambiri akamva kuti ngozi zotere zimakonda kuchitika usiku, pamene mipope yambiri ili yotseka. Funso lofanana nalo limabwera munthu akaona ozimitsa moto awiri kapena atatu atakangamira paipi imodzi ngati akulimbana ndi ng'ombe yolusa. Mafunso awiriwa amayankhidwa ndi masamu amodzi, amene mainjiniya amawatcha ikweshoni ya momentamu.

Momentamu ndi chiyani

Momentamu ndi kulemera kwa chinthu, m'makilogalamu, kuchulukitsa ndi liwiro lake, ndipo nthawi zonse imakhala ndi mbali imene ikulowera. Wilibala yodzaza mchenga imene ikutsika mtunda ili ndi momentamu yambiri kuposa yopanda kanthu yothamanga mofanana, n'chifukwa chake yodzazayo imavuta kuimitsa. Koma woyendetsa wilibala amadziwanso chinthu china chimene chili pamtima pa nkhani ino: ngakhale asachepetse liwiro, akafuna kukhota ayenera kulimbitsa manja ndi kuponda pansi mwamphamvu, chifukwa mchengawo ukufuna kupitirira kumene unkalowera. Kusintha mbali yolowera ndi kusinthanso momentamu, chimodzimodzi kuwonjezera kapena kuchepetsa liwiro.

Isaac Newton ndiye analemba lamulo limeneli m'buku lake la mu 1687, ndipo momentamu ankaitchula kuti kuchuluka kwa kuyenda. Lamulolo limati mphamvu yonse yokankha chinthu imafanana ndi mmene momentamu yake ikusinthira pa sekondi iliyonse. Mawu oti mphamvu m'Chichewa amanyamula zambiri, choncho m'nkhani ino akutanthauza kukankha kapena kukoka basi, ndipo muyeso wake ndi nyutoni. Kilogalamu imodzi imalemera manyutoni 9.81, kotero kuti makilonyutoni 10 ndi pafupifupi kulemera kwa tani imodzi.

Vuto la madzi ndi loti si chinthu chimodzi chimene munthu angachitsatire ndi maso ngati wilibala. Madzi amene ali mu bendi panopa sakhalamonso pakatha sekondi. Daniel Bernoulli, m'buku lake la mu 1738, ndi Leonhard Euler, m'zaka za m'ma 1750, anasonyeza mmene malamulo a kayendedwe ka zinthu angagwirire ntchito pa madzi oyenda, ndipo maganizo a Euler oyang'anitsitsa malo amodzi m'malo mothamangitsa dontho lililonse ndiwo anatsegula njira imene ikugwiritsidwa ntchito lero.

Mpanda wongoganizira

Njirayo ndi yojambula mpanda wa m'maganizo kuzungulira bendi, wodula paipi pamalo awiri, polowera madzi ndi potulukira. Zikufanana ndi mlonda wa pamsika wa zipata ziwiri amene safunikira kudziwa zonse zochitika m'katimo, koma amangolemba cholowa ndi chotuluka, ndipo kusiyana kwake kumamuuza zimene zachitika. Masamu olumikiza lamulo la Newton ndi mpanda woterewu amadziwika ndi dzina la Osborne Reynolds, mphunzitsi wa uinjiniya wa ku Manchester. Madzi akamayenda mosasinthasintha, zonse zimafupika kukhala mzere umodzi:

```
ΣF = ρQ(v2 − v1)
```

Apa ρ ndi kulemera kwa madzi odzaza kiyubiki mita imodzi, komwe ndi makilogalamu 1,000, Q ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi, v1 ndi liwiro lolowera ndipo v2 ndi lotulukira. Choncho ρQ ndi makilogalamu a madzi amene akudutsa pa sekondi iliyonse. ΣF ndi kuphatikiza kwa mphamvu zonse zokankha madzi amene ali m'kati mwa mpandawo. Mzerewu umalembedwa padera pa mbali iliyonse, wina wa kum'mawa ndi kumadzulo, wina wa kumpoto ndi kummwera, chifukwa liwiro lolowera kum'mawa silingachotseredwe ku liwiro lolowera kumpoto ngati kuti ndi ndalama za m'thumba limodzi.

Ubwino waukulu wa njirayi, kwa ine, ndi woti sifunsa zimene madzi akuchita m'kati mwa bendi. M'menemo madzi amazungulirazungulira, ena amathamangira kukhoma lakunja, ena amabwerera pang'ono kukhoma lam'kati, koma zonsezo siziloŵa m'masamu. Chofunika ndi puresha ndi liwiro pazipata ziwiri zija.

Mphamvu zitatu zimene zili mu ΣF

Yoyamba ndi puresha. Madzi a kunja kwa mpanda amakankha madzi a m'kati pa chipata chilichonse, ndipo kukankhako ndi puresha p kuchulukitsa ndi kukula kwa kamwa la paipi A. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya: puresha imakankhira m'kati mwa mpanda pa zipata zonse ziwiri, kutanthauza kuti potulukira imakankha mobwerera, molimbana ndi kumene madzi akupita. Yachiwiri ndi kulemera kwa madziwo, kumene kumawerengedwa pokhapokha bendi ikamakwera kapena kutsika. Yachitatu ndi kukankha kwa khoma la bendi pa madzi, ndipo imeneyi ndi imene tikuifuna, chifukwa madzi nawo amabwezera khomalo kukankha kofanana ndendende koma kolowera mbali inayo.

Puresha yoyenera kugwiritsa ntchito ndi imene geji imaonetsa, yosaphatikiza ya mpweya wotizungulira, pakuti mpweya umakankha bendi kunja konsekonse ndipo gawo lake limadzifafaniza lokha.

Pa paipi yowongoka, kukankha kwa polowera ndi kwa potulukira kumayang'anizana, ngati anthu awiri amphamvu zofanana amene akukankha chitseko chimodzi wina m'kati wina kunja, ndipo chitsekocho sichisuntha. Paipi ikakhota, anthu awiri aja sakuyang'anizananso. Wina akukankhira kum'mawa, wina kummwera, ndipo chinthu chili pakati pawo chimathawira pakati pa mbali ziwirizo.

Chitsanzo chowerengedwa: bendi ya madigiri 90

Titenge paipi ya mamilimita 300 m'mimba mwake, yogona pansi mosapendekeka, imene madzi akulowa akupita kum'mawa n'kutuluka akupita kumpoto. Liwiro likhale mamita 2 pa sekondi, lomwe ndi lachizolowezi m'mapaipi a pampu, ndipo geji ikuonetsa 600 kPa, kutanthauza manyutoni 600,000 pa sikweya mita iliyonse, kapena kuti mabaa 6, puresha yofanana ndi ya madzi ochokera m'thanki ili pamtunda wa mamita pafupifupi 61. Kamwa la paipi yotereyi ndi masikweya mita 0.0707, choncho pa sekondi iliyonse pakudutsa malita pafupifupi 141, amene ndi makilogalamu 141.

Kumbali ya kum'mawa, puresha ya polowera ikukankha madzi kutsogolo, khoma la bendi likuwabweza, ndipo liwiro lawo la kum'mawa likuchoka pa 2 kufika pa 0. Kumbali ya kumpoto, puresha ya potulukira ikuwakankhira kummwera, khoma likuwakankhira kumpoto, ndipo liwiro lawo la kumpoto likuchoka pa 0 kufika pa 2. Mizere iwiriyo ikasanjidwa imapereka yankho lofanana, Fx pa mbali yoyamba ndi Fy pa yachiwiri, ndipo R ndi kukankha konse mbali ziwirizo zikaphatikizidwa:

```
pA  = 600,000 × 0.0707 = 42,400 N
ρQv = 1,000 × 0.1414 × 2 = 283 N
Fx = Fy = pA + ρQv = 42,700 N
R = √(Fx² + Fy²) = 60,400 N
```

Bendiyo ikukankhidwa ndi makilonyutoni 60.4, kulowera pakati pa kum'mawa ndi kummwera, kunja kwa ngodya. Kumeneku ndi kulemera kwa matani 6 ndi pang'ono, ngati matumba 123 a chimanga a makilogalamu 50 atatsamira kachitsulo kamene anthu awiri angathe kukanyamula. M'chitsanzochi tatenga kuti puresha ya potulukira ndi yofanana ndi ya polowera. Kunena zoona imatsika pang'ono chifukwa cha kuzungulira kwa madzi mu bendi, koma pa liwiro limeneli kutsikako ndi kwa 1 kapena 2 kPa basi, kosasintha yankho.

Pa ngodya ina iliyonse θ, ngati paipi sikusintha kukula, masamu omwewo amafupikitsidwa motere:

```
R = 2(pA + ρQv) sin(θ/2)
```

Bendi ya madigiri 45 pa paipi yomweyi imalandira makilonyutoni pafupifupi 33, ndipo ya madigiri 22.5 imalandira pafupifupi 17. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene okonza mapulani amakondera kukhota pang'onopang'ono ndi mabendi awiri kapena atatu malo akalola. Kumapeto kwa paipi kotsekedwa ndi chivindikiro, kapena pa valavu yotseka, kukankha ndi pA yonse, makilonyutoni 42.4.

Chifukwa chake madzi oima ndi oopsa

Munthu akayang'ananso manambala aja amaona chinthu chodabwitsa. Gawo la kuyenda kwa madzi ndi manyutoni 283 okha, pamene la puresha ndi 42,400. Kukhotetsa madzi, komwe ambiri amaganiza kuti ndiye gwero la vuto, sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kukankha konse. M'mapaipi a madzi akumwa, ikweshoni ya momentamu imathera potiuza kuti puresha ndiyo mwini nkhani, ndipo bendi imakankhidwa pafupifupi chimodzimodzi madzi akuyenda kapena ataima.

Apa ndi pamene yankho la usiku lija lagona. Masana, anthu akamatunga, madzi amathamanga m'mapaipi ndipo mbali ya puresha imathera pokhulana ndi makoma. Usiku mipope ikatsekedwa, kukhulanako kumachepa ndipo puresha imakwera kuyandikira msinkhu wonse wa thanki, makamaka m'madera otsika. Mizinda ya mapiri imalidziwa bwino vutoli. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry ndipo amakwezedwa ndi mapampu mamita mazana angapo, choncho mapaipi a m'munsi mwa mzere woterewu amanyamula puresha yoposa kutali mabaa 6 a m'chitsanzo chathu, ndipo kukankha kwa pa bendi kumakula molingana ndi puresha.

Paipi yatsopano imayesedwa ndi puresha yoposa ya tsiku ndi tsiku, kawirikawiri yochulukitsidwa ndi 1.5. Pa 900 kPa, madzi ataima chilili, bendi yathu imakankhidwa ndi makilonyutoni 90. Tsiku loyesa limakhala tsiku lovuta kwambiri kwa bendi, pamene ngalande mwina sinakwiriridwe yonse ndipo konkire wogwira bendi sanalimbe bwino.

Palinso kugunda kwa madzi, kumene kumamveka ngati nyundo m'paipi valavu ikatsekedwa mwadzidzidzi kapena pampu ikazima magetsi atathima. Nikolai Zhukovsky anakufufuza pa mapaipi a mzinda wa Moscow ndipo mu 1898 anapereka masamu ake, amenenso ndi lamulo lomwe lija la momentamu: madzi oyenda akaimitsidwa m'kanthawi kochepa, puresha iyenera kulumpha.

```
Δp = ρ a Δv
```

Apa Δp ndi kulumpha kwa puresha ndipo Δv ndi liwiro limene madzi ataya. Chilembo a ndi liwiro la funde la puresha m'paipi, lomwe m'mapaipi achitsulo limakhala cha m'ma mamita 1,000 pa sekondi, ndipo m'mapaipi apulasitiki limatsika kwambiri chifukwa makoma ake amafutukuka. Madzi a mamita 2 pa sekondi akaima nthawi imodzi m'paipi yachitsulo, puresha imawonjezeka ndi pafupifupi 2,000 kPa. Kuphatikiza ndi 600 ya poyamba, bendi ija kwa kamphindi imalandira makilonyutoni 260, matani oposa 26. Mawu oti mwadzidzidzi ali ndi malire ake: kutseka kumatengedwa kukhala kwadzidzidzi ngati kwatha funde lisanapite kumapeto kwa paipi n'kubwerera, ndipo pa paipi yotalika makilomita 2 nthawiyo ndi masekondi 4.

Chimene chimagwira bendi

Kukankha kumeneku kuyenera kuthera penapake. Ngati mapaipi ndi owotcherera kapena omangidwa ndi mabawuti pa fulanji, mkombero wa kunsonga kwa paipi, khoma la paipi lenilenilo limakokeka n'kupereka katunduyo ku nthaka imene yagwira paipi m'litali mwake. Koma mapaipi ambiri okwiriridwa amangolowetsedwa ina m'kamwa mwa inzake, pakati pali mphira. Mphirayo amatseka madzi kuti asadonthe koma sagwira paipi kuti isavuke. Pamenepa pamafunika chipilala cha konkire kumbuyo kwa bendi, chimene ntchito yake ili ngati ya phazi lotambalala la munthu woyenda m'matope: kumwaza katundu pamalo aakulu kuti nthaka ipirire.

Kukula kwa nkhope ya chipilala yotsamira nthaka kumapezeka pogawa kukankha ndi mphamvu imene nthakayo ingapirire. Tiyerekeze kuti kuyeza kwasonyeza kuti nthaka ya pamalopo ipirira 100 kPa, ndipo injiniya wachulukitsa katundu ndi 1.5 kuti pakhale mpata wa chitetezo. Makilonyutoni 90 a tsiku loyesa akhala 135, ndipo nkhope yofunika ndi masikweya mita 1.35, mwachitsanzo mamita 1.5 m'litali ndi masentimita 90 m'mwamba. Nthaka ikakhala ya m'dambo yopirira theka lake, nkhopeyo iyenera kuwirikiza kawiri. Bendi ya pamsonga pa chitunda, imene paipi imakwera n'kuyamba kutsika, ili ndi vuto lina, chifukwa kukankha kumalowera m'mwamba kumene kulibe nthaka yolimba yotsamira, choncho bendiyo imamangiriridwa ndi malamba achitsulo ku konkire wolemera mokwanira, ndipo kiyubiki mita imodzi ya konkire imapereka makilonyutoni pafupifupi 24 okha.

Zolakwika zambiri zimachitikira m'ngalande, osati papepala. Chipilala chimayenera kutsamira khoma la ngalande losakumbidwa, koma nthawi zina chimathiridwa motsamira dothi lobwezeretsa, limene limafinyika katundu akangobwera. Nthawi zina chimaikidwa moyang'ana paipi imodzi m'malo mwa mzere wodula ngodya pakati. Nthawi zina konkire amakwirira polumikizira, kotero kuti podontha sipaoneka ndipo sipakonzeka. Ndipo pali ngozi imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, ya anthu okumba ngalande ina, ya waya kapena ya madzi amvula, kumbuyo kwa chipilala paipi ili ndi madzi, osadziwa kuti akuchotsa nthaka imene yanyamula matani 6. Zizindikiro za bendi yoyamba kusuntha zimaoneka kwa woyang'anitsitsa: mzere umene unalembedwa pa paipi posonyeza polekezera kulowetsa umayamba kutalikirana ndi kamwa la bendi, pakati pa konkire ndi dothi pamabwera mng'alu, ndipo poyesa puresha muvi wa geji umatsika pang'onopang'ono ngakhale palibe podontha poonekera. Pa mapaipi olowetsana, mainjiniya osamala amawerengera A pogwiritsa ntchito kukula kwa kunja kwa paipi, pakuti puresha imafika mpaka pa mphira, ndipo zimenezi zimakweza yankho pang'ono.

Nozo: pamene liwiro limayamba kulamula

Nozo ndi kamlomo kopanikiza ka kumapeto kwa paipi, kamene kamasandutsa puresha kukhala liwiro, monga momwe munthu wothirira dimba amachitira akatseka theka la kamwa la paipi ndi chala. Pano madzi sakukhota koma akuthamangitsidwa, ndipo amatulukira mumpweya, kumene geji imawerenga 0.

Titenge paipi ya ozimitsa moto ya mamilimita 65, nozo ya kamwa la mamilimita 20, ndi puresha ya 500 kPa polowera mu nozo. Apa masamu a Bernoulli amathandiza kupeza liwiro, chifukwa mu nozo yosalala madzi sataya mphamvu yambiri. Amapereka liwiro lotulukira la mamita 31.8 pa sekondi, lolowera la mamita 3.0, ndi malita pafupifupi 10 pa sekondi. Tikajambula mpanda kuzungulira nozo yokha, timapeza izi:

```
p1A1 = 500,000 × 0.003318 = 1,659 N
ρQ(v2 − v1) = 9.98 × (31.8 − 3.0) = 287 N
F = 1,659 − 287 = 1,372 N
```

Yankholi limasokoneza anthu ambiri, chifukwa likunena kuti madzi akukankhira nozo kutsogolo, kumene akupita, ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 140. Zimenezi n'zoona, ndipo umboni wake ndi woti nozo yosamangidwa bwino ikavuka imauluka kutsogolo, sibwerera m'mbuyo. Madzi akugunda makoma opendekeka a m'kati mwa nozo, ndipo mazinga kapena zingwe za polumikizira ndizo zimaigwira. Amene akusankha mabawuti kapena cholumikizira amafuna nambala imeneyi.

Nanga n'chifukwa chiyani wozimitsa moto amamva kukankhidwira m'mbuyo? Paipi yake ndi yofewa ndipo siikhala yowongoka, imakhota pansi ndiponso pokwera kufika m'manja mwake. Paipi yofewa yokhota ilibe chipilala, choncho imadzigwira yokha pokungika, ndipo masamu a bendi aja amasonyeza kuti kukungikako ndi pA kuphatikiza ρQv, komwe pano ndi 1,659 kuphatikiza 30, kukwana manyutoni 1,689. Ndiye kuti paipi ikukokera nozo m'mbuyo ndi 1,689 pamene madzi akuikankhira kutsogolo ndi 1,372. Otsala, manyutoni 317, ndi amene amagwera m'manja mwa munthu, ndipo nambalayi ikufanana ndendende ndi ρQv2, momentamu imene madzi akutuluka nayo pa sekondi. Ndi makilogalamu pafupifupi 32 okankhira m'mbuyo, osapuma, pamalo oterera, n'chifukwa chake mnzake amaima kumbuyo kumutchinjiriza. Mayankho awiriwa satsutsana. Amasiyana chifukwa mpanda wajambulidwa malo osiyana, ndipo lililonse likuyankha funso lake.

Momentamu yomweyi ya madzi otuluka ndi imene imazungulitsa timipope tothirira kapinga, ndiponso imene imakankha zikho za makina opangira magetsi a mtundu wa Pelton.

Mafunso amene sanatsekedwe

Ikweshoni yeniyeniyo palibe amaikayikira, koma manambala oikamo ndi amene akatswiri amasiyanapo. Funso loyamba ndi la puresha yoyenera kuwerengera: ya tsiku ndi tsiku, ya tsiku loyesa, kapena ya kugunda kwa madzi. Ena amati chipilala chipirire choopsa chilichonse chimene chingabwere, pamene ena amati kugunda kumatenga kamphindi ndipo ndalama zake ndi bwino zipite ku mavalavu otseka pang'onopang'ono ndi matanki oyamwa funde, kusiyana ndi kuthira konkire wowirikiza kanayi pa bendi iliyonse. Kumene magetsi amathimathima, pampu yozima mwadzidzidzi si chinthu cha kamodzi pa chaka, ndipo zimenezi zimasintha kulemera kwa mbali ziwirizi.

Lachiwiri ndi la kusankha pakati pa chipilala ndi zolumikizira zokhoma, zimene zimaluma paipi kuti mapaipi angapo oyandikana ndi bendi agwirane n'kudalira kukhulana ndi nthaka. Zolumikizirazi sizidikira konkire kuuma ndipo zimathandiza m'misewu yothinana, koma n'zokwera mtengo, ndipo kutalika kwa paipi yoyenera kukhomedwa kumadalira mmene dothi linatsenderedwera, chinthu chovuta kuchitsimikizira ngalande ikakwiriridwa. Chipilala nacho chimadalira kuti wina asadzakumbe kumbuyo kwake m'zaka 30 kapena 40 zikubwerazo.

Lachitatu ndi nthaka yeniyeniyo. Kukankha kwa madzi kumawerengedwa mosaphonya kwambiri, koma nambala ya kupirira kwa nthaka nthawi zambiri imatengedwa m'tebulo la m'buku, ndipo dothi la makande limene lili gwa mu Okutobala limakhala phala mu Febuluwale. Kuchuluka kwa mpata wa chitetezo woyenera kuphimba kusiyana kumeneku kumasiyana malinga ndi malamulo amene injiniya akutsata.

Pomaliza pali malire a masamu amene tagwiritsa ntchito. Tatenga kuti liwiro ndi lofanana pakamwa ponse pa paipi, pamene pakati limakhala lalikulu kuposa m'mbali. M'mapaipi a madzi kusiyanako kumasintha gawo la momentamu ndi maperesenti ochepa chabe, koma pa mafuta olemera oyenda mwakachetechete kumalikweza ndi gawo limodzi mwa atatu. Tatenganso kuti m'paipi muli madzi okhaokha oyenda mosasinthasintha. Kumene madzi amagawidwa mosinthanasinthana, paipi imakhala yopanda kanthu kwa maola kapena masiku, ndipo akatsegula, chigulu cha madzi chimathamanga chikukankha mpweya n'kukamenya bendi ndi liwiro loposa la masiku onse. Kukankha kwa nthawi imeneyo kumadalira kuchuluka kwa mpweya wotsekeredwa, kutalika kwa chigulu cha madzicho ndi changu cha wotsegula valavu, ndipo palibe mzere umodzi wa masamu umene mainjiniya onse agwirizana kuti ndiwo uziwerengera zimenezi.